Mmene mungajambulire zimene zili pa sikirini ya Chromebook

Achemwali anga, omwe ndi mphunzitsi wa pulayimale, anandiimbira foni madzulo ena ali okhumudwa. Ankadzaza fomu ya pa intaneti yofunsira malo a maphunziro owonjezera, koma ulendo uliwonse akadina batani lotumizira, pankatuluka mawu ofiira okana. Atalembera a ku ofesi yoyang'anira fomuyo, anawayankha kuti atumize chithunzi cha zimene akuonazo. Iwo anachita zimene ambirife timachita. Anatenga foni, n'kuilozetsa pa laputopu, n'kujambula. Chithunzicho chinatuluka ndi mizeremizere yokhotakhota, pakati pali kuwala kwa babu la m'nyumba, ndipo mawu ofiira aja sankawerengeka n'komwe.

Mizeremizereyo sikuti foni ndi yoipa. Sikirini inapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere, nayonso kamera ya foni imaona kudzera m'timadontho take tondandalikidwa chimodzimodzi. Mizere iwiriyi ikapanda kugwirizana, pamabadwa mafunde amene diso silinawaone pa sikirini. Mankhwala ake n'kuuza kompyutayo kuti idzijambule yokha, chifukwa imasunga kadontho kalikonse monga mmene kalili.

"Achimwene, zimenezo ndikuzidziwa," anatero achemwali. "Koma batani lija la Print Screen pa makina anowa palibe. Ndafunafuna."

Ankanena zoona. Laputopu yawo ndi Chromebook, imene mwana wa mlamu wawo anawabweretsera kuchokera ku Joni. Makina amenewa anayamba kugulitsidwa mu 2011, ndipo amayendera ChromeOS, pulogalamu ya kampani ya Google. Kiyibodi yake inasiyana ndi ya makompyuta a Windows amene ambiri tinaphunzirirapo. Palibe Print Screen, palibe Caps Lock, ndipo mzere wapamwamba mulibe F1 mpaka F12. M'malo mwake muli mabatani a zizindikiro: lobwerera m'mbuyo, lotsegulanso tsamba, lokulitsa windo kuti idzaze sikirini, owonjezera ndi kuchepetsa kuwala, ndi a voliyumu. Munthu amene wazolowera Windows amayamba waganiza kuti makinawa ndi operewera, pomwe ntchito yojambula anangoisamutsira pa batani lina.

Batani la kabokosi ndi timizere tiwiri

Yang'anani mzere wapamwamba wa kiyibodi. Pali batani lojambulidwa kabokosi, ndipo kumanja kwa kabokosiko kuli timizere tiwiri toimirira. Dzina lake ndi Show windows. Mukalidina palokha, mawindo onse amene mwatsegula amayalidwa pa sikirini ngati tomato pa benchi ya kumsika, kuti musankhe amene mukufuna. Imeneyo ndiyo ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Koma mukaligwirizanitsa ndi mabatani ena, ndi lomwelo limene limajambula. Mukalidziwa batani limeneli, zotsalazo sizivuta.

Anthu ena amaphunzitsa kuti ndi batani lachisanu kuchokera pa Esc. Pa makina akale n'zoona, chifukwa limakhala pamalo pamene pakanakhala F5. Koma pa makina ena atsopano anachotsa batani lopitira kutsogolo, motero Show windows linasendera kumanzere. N'chifukwa chake ine ndimauza anthu kuti aloweze chizindikiro chake, asadalire kuwerenga malo. Makina ena atsopanowo alinso ndi batani lakelake lojambulira, lokhala ndi chizindikiro cha kamera. Ngati lilipo pa makina anu, kulidina kumatsegula chida chojambulira chimene tichione kutsogoloku.

Njira yachidule kwambiri ndi iyi:

```
Ctrl + Show windows
```

Gwirani Ctrl ndi chala cha kumanzere osasiya, kenako mugunde Show windows kamodzi. Kagwiridwe kake n'kofunika. Mukayamba ndi Show windows, kapena mukasiya Ctrl msanga, mungoona mawindo akuyalidwa, chithunzi osajambulidwa. Mukachita bwino, pakona ya m'munsi kumanja pamatuluka kauthenga koonetsa kachithunzi ka zimene mwajambula. Kauthengako ndiye umboni wanu. Kakapanda kutuluka, musafulumire kukhulupirira kuti zatheka, kaoneni kaye mu foda.

Achemwali anayesa ndili pa foni, ndipo zinatheka ulendo woyamba. Anasangalala, nanditumizira chithunzicho kuti ndichione asanachipereke ku ofesi kuja. Mawu ofiira ankawerengeka bwinobwino. Koma pamodzi ndi mawuwo ndinawerenganso zina zambiri. Pamwamba pankaoneka mitu ya masamba onse amene anatsegula, limodzi mwa iwo linali la imelo yawo ndi adiresi yake, lina la banki. Pa fomupo, m'mwamba mwa mawu ofiira, panali nambala ya chiphaso chawo cha unzika, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni. Zonsezi zinali pafupi kupita kwa munthu amene sakumudziwa, amenenso akanatha kutumiza chithunzicho kwa anzake kuti amuthandize.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amaphunzitsa njira yoyambayi ngati kuti ndiyo yaikulu. Ndi yachangu, inde. Koma imatenga chilichonse, ngati ukonde wokokera usipa pamodzi ndi zinyalala zomwe. Ngati munthu ali ndi mpata woloweza njira imodzi yokha, ndikanakonda aloweze yachiwiriyi.

Kudula gawo lokhalo limene mukufuna

```
Ctrl + Shift + Show windows
```

Mabatani atatu amenewa amatsegula chida chojambulira chimene Google inachiika mu ChromeOS 89 m'mwezi wa Malichi 2021. Sikirini imada pang'ono, kalozera ka mausi kamasanduka kamtanda, ndipo m'munsi mumatuluka kabala kokhala ndi zizindikiro. Kumanzere kwa kabalako kuli ziwiri, kamera ya zithunzi ndi kamera ya kanema. Pakati pali zitatu zosankhira kukula kwa chojambulidwa: sikirini yonse, gawo, kapena windo imodzi. Kumapeto kuli kagiya ka zosintha ndi X wotsekera. Mukatsegula ndi mabatani atatuwa, chidacho chimakhala chitakonzekera kale kudula gawo.

Ikani kamtandako pakona ya m'mwamba kumanzere kwa chinthu chimene mukufuna. Dinikizani tachipadi, ndipo osasiya, kokerani chala kupita pakona ya m'munsi kumanja. Ngati chala chimodzi chikuvuta, dinikizani ndi chala chachikulu cha dzanja lina uku mukukoka ndi cholozera. Mukasiya, gawo limene mwasankha limawala pomwe kwinako kuli mdima, ndipo pakati pamatuluka batani lolembedwa Capture.

Chimene ndimakonda pa chidachi n'chakuti sichijambula nthawi yomweyo mukasiya chala. Chimakudikirani. M'makona ndi m'mbali mwa gawolo muli timadontho togwirira, ndipo mukhoza kukoka kalikonse kuti mukulitse kapena kuchepetsa. Mukagwira mkati mwa gawo n'kukoka, lonse limasuntha. Pamene mukukoka kona pamatuluka kagalasi kokulitsa, kokuthandizani kuimika mzere pamalo enieni, ndipo manambala amakuonetsani m'lifupi ndi m'litali mwa gawolo. Mukakhutira, dinani Capture kapena Enter. Mukasintha maganizo, Esc amakutulutsani popanda chojambulidwa. Choncho palibe chifukwa chochitira phuma, kapena choopera kuti mwalakwitsa poyambira.

Ndi achemwali tinachita motere. Tinadula kuyambira pa mutu wa chigawo cha fomu chimene chinkavuta mpaka pansi pa mawu ofiira, n'kusiya kunja nambala ya chiphaso ndi mitu ya masamba. Poyamba iwo anadula mawu ofiira okhaokha, kamzere kamodzi. Ndinawapempha kuti akulitse pang'ono. Wolandira chithunzi ayenera kudziwa kuti uthengawo watuluka pa chigawo chiti, pansi pa bokosi liti. Kudula kwambiri kumabisa nkhani monga mmene kusadula kumaululira zinsinsi. Funso lodzifunsa musanadine Capture ndi lakuti, kodi munthu amene sakuona kompyuta yangayi amvetsa ndi chithunzi chokhachi? Ndipo kodi muli chimene safunika kuchiona?

Pali chinthu china chimene ambiri amachizindikira mochedwa. Chithunzi chodulidwa chimakhala ndi timadontho tokhato timene tinali pa gawolo. Ma Chromebook ambiri otsika mtengo, a mainchesi 11.6, sikirini yake imakhala ndi timadontho 1366 m'lifupi ndi 768 kuchoka pamwamba kufika pansi. Mukadula kagawo kakang'ono pa sikirini yotero, wolandira akati akakulitse pa foni yake zilembo zimasungunuka. Ndiye ngati zilembo zili zing'onozing'ono, yambani mwakulitsa tsambalo musanajambule. Gwirani Ctrl n'kudina chizindikiro chophatikizira kawiri kapena katatu mpaka zilembo zitakula, jambulani, kenako `Ctrl + 0` abwezera tsamba mwakale. Kukulitsa musanajambule kumawonjezera timadontho pa chilembo chilichonse. Kukulitsa mutajambula kale kumangofufumitsa timene tilipo.

Njira yachitatu, ya windo imodzi, sifuna mawu ambiri:

```
Ctrl + Alt + Show windows
```

Mukatero mumadina windo imene mukufuna, ndipo imajambulidwa yokha popanda shelefu ya m'munsi ndi mawindo ena. Imathandiza pa mapulogalamu ang'onoang'ono monga kalikuleta kapena Files. Koma kumbukirani kuti pa Chrome, mitu ya masamba ndi adiresi ndi mbali ya windo, motero zimalowa m'chithunzi.

Kumene chithunzi chimapita

Mukajambula, chithunzi chimapita malo awiri nthawi imodzi. Choyamba chimasungidwa ngati fayilo ya PNG mu foda ya Downloads, imene mumaipeza mu pulogalamu ya Files. Dzina lake limayamba ndi mawu akuti Screenshot, kutsatira tsiku ndi nthawi imene mwajambula. Chachiwiri chimakopedwa, kudikira kuti muchimate. Izi zikutanthauza kuti ngati mukulemba imelo kapena chikalata, simufunika kukachisaka mu foda. Ingodinani pamene mukulembapo n'kugunda `Ctrl + V`, chithunzi chilowa. Mukajambula zingapo motsatizana, `Search + V` amakuonetsani zinthu 5 zimene mwakopa posachedwa kuti musankhepo. Search ndi batani lija lili pamalo pa Caps Lock, lojambulidwa galasi lofufuzira kapena kabwalo, ndipo pa makina ena amalitcha Launcher.

Pa kauthenga kotuluka pakona kaja pali Edit ndi Delete. Edit amatsegula chithunzicho mu Gallery, mmene mungachidulenso kapena kulembapo ndi cholembera. Achemwali anazunguliza bokosi limene linkakana ndi mzere wofiira, zimene zinawapulumutsa kulemba ndime yonse yofotokoza. Ngati mukufuna kufufuta nambala yachinsinsi ndi cholemberachi, sankhani mtundu wakuda wosaonekera mkati ndipo mupake mokwanira. Cholembera choonekera mkati, chija chowalitsira mawu, sichibisa kanthu. Komabe kudula n'kuisiya kunja nambalayo n'kodalirika kuposa kuipaka.

Tsopano za Downloads, pamene pagona msampha. Anthu amamva kuti Chromebook imasunga zinthu pa intaneti, ndiye amaganiza kuti zithunzi zawo zili pabwino. Ayi ndithu. Foda ya Downloads ili m'makina momwemo. Mukalowa ngati mlendo, pa Guest, zonse zimafufutika mukangotuluka. Makinawo akafufutidwa ndi Powerwash, zimapita. Ndipo malo akachepa kwambiri, ChromeOS ikhoza kuchotsa yokha mafayilo a m'foda imeneyi kuti ipeze mpata, zimene sizovuta kuchitika pa makina a 32 GB. Chithunzi cha umboni woti munalipira fizi kapena munatumiza fomu chisagone mu Downloads. Chikokereni mu Google Drive kapena pa fulashi tsiku lomwelo. Mukhozanso kusintha kamodzi n'kuiwala: tsegulani chida chojambulira, dinani kagiya, ndipo pa Save to sankhani foda ina imene mukufuna kuti zonse zizipitamo.

Pamene chithunzi sichikwanira

A ku ofesi atalandira chithunzi chodulidwa bwino chija anayankha kuti uthengawo auona, koma sakumvetsa kuti umatuluka munthu akachita chiyani. Chithunzi chimaonetsa pamene mwafika, sichionetsa njira imene mwadutsa. Apa m'pamene pamafunika kanema.

Kanema amayambira pa khomo lomwe lija. Gundani `Ctrl + Shift + Show windows`, kenako pa kabala kaja dinani chizindikiro cha kamera ya kanema. Zosankha zitatu zija zimagwirabe ntchito. Mukasankha sikirini yonse, mumadina paliponse kuti muyambe. Mukasankha windo, mumadina windoyo. Mukasankha gawo, mumalikoka monga kale, ndipo batani la pakati limalembedwa Record. Makina amawerenga 3, 2, 1, n'kuyamba kujambula. Masekondi atatuwo ndi oti muike kalozera pamalo ndi kukonza pakhosi.

Musanadine Record, lowani pa kagiya. Maikolofoni imakhala yozimitsa pokhapokha mutaiyatsa nokha. Achemwali anajambula kanema wawo woyamba kwa mphindi zitatu akufotokoza bwinobwino, koma atamutsegula anali duu, milomo yokha ya kalozera kuyendayenda popanda liwu. Pa kagiyapo mumasankha kuti mawu achokere kuti. Pa ChromeOS yatsopano mukhoza kusankha maikolofoni, kapena mawu a m'makina momwemo, kapena zonse ziwiri. Pomwepo palinso Front camera, imene imaika nkhope yanu m'kabwalo pakona ya kanemayo, ndi Show clicks and keys, imene imaonetsa pamene mwadina ndi mabatani amene mwaphatikiza. Yomalizayi ndi yothandiza kwambiri kwa wophunzitsa mnzake, pakuti woonera sakhala akufunsa kuti pamenepo munadina chiyani. Ine langizo langa ndi lakuti muzijambula kaye masekondi khumi oyesera, n'kumvetsera, musanayambe nkhani yaitali.

Kuimitsa ndi kumene kumasokoneza ongoyamba, chifukwa kabala kaja kamasowa kujambula kukayamba. Batani loimitsira lili pa shelefu, m'munsi kumanja, pafupi ndi wotchi. Ngati shelefu yabisika chifukwa windo yadzaza sikirini, kapena simukufuna kuti kanema athere ndi kalozera akuthamangira pakona, gwiritsani ntchito kiyibodi:

```
Search + Shift + X
```

Kanemayo amapita mu Downloads, dzina lake limayamba ndi Screen recording, ndipo ndi wa mtundu wa WebM. Mtunduwu umaseweredwa bwino mu Chrome ndi mu VLC, koma mafoni ena ndi mapulogalamu ena otumizirana mauthenga amaukana kapena amaulandira ngati chikalata chabe. Wolandira akakuuzani kuti kanema sakutseguka, musaganize kuti wawonongeka. Muikeni pa Google Drive n'kutumiza linki yake, kapena muuzeni mnzanuyo amutsegulire mu Chrome. Pa makina a ChromeOS yatsopano, mukasankha gawo mukhozanso kujambula ngati GIF, kanema wamfupi wopanda mawu wongobwerezabwereza, amene amakwanira poonetsa kachinthu kamodzi ka masekondi ochepa.

Kwa ife amene intaneti timagula ya bandulo, kusankha gawo pa kanema kuli ndi phindu lina. Gawo laling'ono kawirikawiri limapereka fayilo yopepukirapo, ndipo kanema wamfupi amapepuka koposa. Tsono konzekerani musanayambe. Tsegulani tsamba, lowani ndi pasiwedi yanu kujambula kusanayambe, tsekani masamba osafunika, ndipo yatsani Do not disturb pa zosintha za pa wotchi, kuti uthenga wa kunyumba usatulukire pakati pa kanema wopita ku ofesi. Malo osungira akatsala pang'ono kutha, makina amaimitsa okha kujambula, choncho pa makina odzaza yambani mwapungula.

Kanema wachitatu wa achemwali anali wa masekondi osakwana 40, gawo la fomu lokha, mawu akumveka. Ndipo tisanamutumize n'komwe, pomuonera tonse, tinaliona vuto. Bokosi la tsiku linkafuna kuti mwezi uyambe, tsiku litsatire. Iwo ankalemba monga timalembera kuno, kuyamba ndi tsiku, 23/04, ndipo fomuyo inkawerenga 23 ngati mwezi. Panali kachenjezo kakang'ono kamene kankatuluka pansi pa bokosilo n'kusowa akangodina bokosi lotsatira. Pa kanema tinaimitsa pomwepo n'kukawerenga. Nzeru imeneyi ndi yoyenera kuisunga. Chinthu chimene chimaoneka kwa kanthawi n'kusowa, kapena kamndandanda kamene kamatseka mukangogwira kiyibodi, chijambuleni pa kanema, muimitse pamene chikuonekera, kenako mudule chithunzi kuchokera pa kanemayo.

Zikakana

Vuto loyamba ndi la chala kuphonya. Batani lotsegulanso tsamba, la muvi wozungulira, lili pafupi ndi Show windows. Mukagunda `Ctrl + Shift` pamodzi ndi limenelo, sikirini imatembenuka chammbali. Anthu ambiri amachita mantha poganiza kuti aononga makina. Palibe chaonongeka. Ulendo uliwonse mukagunda mabataniwo sikirini imazungulira madigiri 90, ndiye bwerezani mpaka itaimanso bwino.

Lachiwiri ndi la kiyibodi yapadera. Mukalumikiza kiyibodi wamba ya Windows, batani la kabokosi simulipeza. F5 ndi amene amalowa m'malo mwake, motero `Ctrl + F5` amajambula sikirini yonse, `Ctrl + Shift + F5` amatsegula chida. Mukalumikizanso sikirini yachiwiri kapena pulojekita yoonetsa zosiyana ndi za pa laputopu, njira yojambula zonse ija imatulutsa chithunzi cha sikirini iliyonse pachokha, ndiye onetsetsani kuti mukutumiza choyenera.

Nthawi zina mumagunda mabatani olondola pa Chromebook yeniyeni koma tsamba limangotsegukanso, chithunzi osatuluka. Chizindikiro china n'chakuti mabatani a voliyumu ndi kuwala nawonso asiya kugwira ntchito. Zikatero, wina anayatsa Treat top-row keys as function keys, imene imasandutsa mzere wapamwamba kukhala F1, F2 ndi anzake. Imapezeka mu Settings, pa Device, pa zosintha za kiyibodi. Izimitseni, mabatani abwerera mwakale. Pa makina opindika amene amasanduka tabuleti, kiyibodi imazima mukaipinda kumbuyo. Pamenepo dinikizani batani loyatsira pamodzi ndi lotsitsira voliyumu, monga pa foni ya Android. Ndipo kiyibodi ikafa batani, chida chonse chija chimapezekanso podina wotchi pakona ya m'munsi kumanja n'kusankha Screen capture.

Pali zina zimene batani lililonse silingathetse. Mukajambula filimu ya pa Netflix ndi ena otero, kawirikawiri pamalo pa filimuyo pamatuluka pakuda, chifukwa eni ake anaitchinga dala. Mapulogalamu ena a Android, makamaka a ndalama, nawonso amakana kujambulidwa. Ndiponso njira zonse zimene tafotokozazi zimatenga zokhazo zimene zikuoneka pa sikirini panthawiyo. Tsamba lalitali lofunika kutsetsereka silingakwane m'chithunzi chimodzi. Ngati mukufuna lonse, monga risiti yaitali kapena zotsatira za mayeso, gundani `Ctrl + P` n'kusankha Save as PDF m'malo mwa pulinta.

Chomaliza chimakhudza kwambiri ogula makina akale. Ma Chromebook ambiri anagulidwa ndi masukulu a ku Amereka ndi ku Ulaya, ndipo makina a sukulu kapena a kampani amakhala pansi pa woyang'anira, amene ali ndi mphamvu yotseka kujambula konse. Pa makina otero mukagunda mabatani pamatuluka uthenga wonena kuti woyang'anira waletsa. Ana a abale athu amene amaphunzira kunja n'kupatsidwa Chromebook ya sukulu amakumana nazo zimenezi, ndipo kwa iwo njira n'kukapempha kusukuluko. Koma makina oterowo akagulitsidwa sukulu isanawamasule m'kaundula wake, chiletsocho chimayenda nawo kulikonse, ndipo ngakhale Powerwash kawirikawiri sachichotsa, chifukwa makinawo akangolumikizidwa pa intaneti amadzilembetsanso kwa mwini wake wakale. Ndiye pogula Chromebook yogwiritsidwapo kale ntchito, musangoyang'ana batire ndi mahinji. Yang'anani pa sikirini yolowera, kapena dinani wotchi, muone ngati pali mawu akuti managed by otsatiridwa ndi dzina la sukulu kapena kampani. Kenako, wogulitsa ali pomwepo, lowani ndi akaunti yanu, gundani `Ctrl + Show windows`, ndipo mutsegule Files muone ngati chithunzicho chafikadi mu Downloads musanapereke ndalama.